Mawu a m'chilengezo cha ntchito: mmene ndinaphunzirira kuwalowetsa m'kalata popanda kuiwononga

Kwa zaka 6 ndinkawerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda ku Lilongwe. Kampaniyo inali yaing'ono, choncho chilichonse chokhudza ndalama chinkathera pa tebulo langa: malisiti, macheke, malipiro a antchito, misonkho, ngakhale ndalama za mafuta za oyendetsa galimoto. Nditayamba kufunafuna ntchito m'mabungwe akuluakulu ndinali ndi dipuloma ya ICAM, bungwe la owerengera ndalama m'Malawi muno, ndiponso ntchito ndinkaidziwa, koma miyezi inkangotha popanda kuitanidwa ku intavyu ngakhale kamodzi. Kawirikawiri kunkangoti zii. Nthawi zina imelo yokana inkabwera tsiku lomwelo usiku, pa ola limene palibe munthu angakhale mu ofesi n'kumawerenga makalata.

Amene ananditsegula m'maso ndi alamu anga, akazi a achimwene, omwe amagwira ntchito yolemba anthu ntchito pa bungwe lina ku Blantyre. Anabwera kwathu kumapeto kwa sabata ina, ndipo titamaliza kudya ndinawadandaulira. Sanayambe ndi kunditonthoza. Anangoti, "Alamu, tabweretsani laputopuyo, nditsegulireni kalata imene munatumiza komaliza, komanso chilengezo cha ntchitoyo."

Ndinatsegula fayilo ya PDF imene ndinatumiza. Iwo anadina `Ctrl+F`, n'kulemba dzina langa lenileni. Kompyuta inati silikupezeka, chonsecho dzinalo linali pamwamba penipeni pa tsamba, tonse tikuliona. Chifukwa chake chinali chakuti ndinkachita zimene tinaphunzitsidwa kale: kulemba kalata, kuipulinta, kuisainira ndi cholembera, kenako kuijambula ndi foni n'kuisandutsa PDF. Kwa munthu imeneyo ndi kalata. Kwa pulogalamu yambiri yolandirira mafomu ndi chithunzi chabe, ngati cha paukwati, mulibe chilembo chimene ingawerenge.

Kenako anati nditsegule kalata yomweyo mu Word, mmene mawu ake ndi enieni. Anayang'ana chilengezo, chomwe chinali cha udindo wa `Finance Assistant`, n'kutengamo mawu awiri amene anabwerezedwa katatu konse: `bank reconciliation`. Anawafufuza m'kalata yanga, mulibe. Mu CV, mulibenso. Ndinatsutsa kuti ntchito imeneyo ndimaichita mwezi uliwonse ndipo ndinailemba. N'zoona ndinailemba, koma motere:

```
I balance the cash book against bank statements every month.
```

Munthu wodziwa za ndalama akawerenga chiganizo chimenechi amadziwa nthawi yomweyo kuti ndi ntchito imodzimodziyo. Koma alamu anandiuza kuti, "Ine ndikakhala ndi mafomu mazanamazana pa udindo umodzi sindiyamba ndi kuwerenga. Ndimayamba ndi kufufuza. Ndipo ndimafufuza ndi mawu amene ndinalemba ndekha m'chilengezo, osati amene inu mwasankha."

Usiku umenewo anandifotokozera mmene zinthu zimayendera mbali yawo, ndipo ndikuona kuti aliyense wofunsira ntchito ayenera kuzimva, chifukwa mphekesera zake zachuluka kuposa zoona zake. Mabungwe akuluakulu ndi makampani ambiri salandira mafomu pa imelo wamba. Amagwiritsa ntchito pulogalamu yolandirira ndi kusefa mafomu, imene pachidule amaitcha ATS. Zodziwika kwambiri ndi monga Workday, Taleo, SuccessFactors, Greenhouse ndi Lever, ndipo likulu la United Nations lili ndi yake yotchedwa Inspira. Mukhoza kuona chilengezo pa ReliefWeb kapena pa LinkedIn, koma mukadina pofunsira n'kupezeka kuti mwafika pa tsamba lina lokuuzani kuti mutsegule akawunti, dziwani kuti mwalowa m'pulogalamu yotere. Adiresi ya tsambalo imaulula yokha: mumaona `myworkdayjobs.com`, `taleo.net` kapena `greenhouse.io`.

Mukaikamo CV ndi kalata, pulogalamuyo imachotsamo mawu okhaokha n'kuwasunga, ndipo imayesa kuwagawa m'zigawo: dzina apa, maphunziro apo, malo amene munagwirako ntchito uko. Kenako pamabwera mafunso a pa fomu, aja oti muyankhe inde kapena ayi, kapena musankhe chiwerengero cha zaka. Alamu anati imelo zokana za pakati pa usiku zija nthawi zambiri zimachokera pamenepa, osati pa kalata. Ngati anaika kuti wofunsira akhale ndi digiri inu n'kusankha dipuloma, pulogalamu ikhoza kukutayani yokha, ndipo palibe mawu a m'kalata amene angakubwezeni. Otsalawo ndi amene wolemba ntchito amawasefa, ndipo anandilembera papepala mmene iwo amasefera:

```
"bank reconciliation" AND (QuickBooks OR Sage)
```

Tanthauzo lake n'lakuti, ndionetse okhawo amene m'mapepala awo muli mawu oyambawo, komanso dzina la imodzi mwa mapulogalamu awiri owerengera ndalamawo. Amene atuluka ndi amene amawerengedwa. Ena aja sanakanidwe, angokhala pansi pa mulu osatsegulidwa. Mapulogalamu ena amapitirira apo, amaika anthu pamndandanda potengera mmene mapepala awo akufanirana ndi chilengezo, ndipo ena amatha kuzindikira mawu ofanana tanthauzo. Koma inu potumiza simusankha kuti mukumana ndi yotani, choncho ndi bwino kukonzekera yosachenjera ija.

Chimene chinandikhudza n'chakuti kumapeto kwa zonsezi kumakhala munthu. Makina amangotsegula chitseko. Woitana ku intavyu ndi mayi kapena bambo wotopa, amene wawerenga kale makalata ambiri tsiku limenelo.

Mmawa mwake tinatenga chilengezo china chatsopano cha udindo wofananawo, pa bungwe lina loona za ulimi. Alamu anaumirira kuti tichipulinte, chifukwa pa foni munthu amangodumphadumpha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinachiwerenga katatu ndi cholembera m'manja. Koyamba tinangowerenga kuti timve ntchito yake. Kachiwiri tinadula mzere pansi pa dzina lililonse la ntchito, la chida kapena la pepala la maphunziro. Kachitatu tinayang'ana kuti ndi mawu ati amene akubwera kangapo, makamaka amene ali m'zigawo zonse ziwiri, cha ntchito zimene munthu azikagwira ndi cha zofunika kuti akhale nazo.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti mawu a m'chilengezo salemera mofanana. Mawu ngati `team player`, `self-motivated` ndi `attention to detail` ali m'chilengezo chilichonse ndiponso m'kalata iliyonse, choncho kufufuza nawo sikuchepetsa mulu. Amene amasefa ndi mayina a zinthu zogwirika. M'chilengezo chathucho tinatsala ndi 7: dzina la udindo, `bank reconciliation`, `petty cash`, `PAYE`, `withholding tax`, `QuickBooks` ndi `donor reporting`. Tinaonanso kuti asanu oyambawo ali pansi pa mutu wa zofunika ndithu, pamene awiri omalizawo ali pansi pa mutu wa zimene zingangowonjezera mwayi. Kusiyana kumeneku kunandithandiza kwambiri pambuyo pake.

Alamu atabwerera ku Blantyre ndinalemba ndekha, ndipo ndinalakwitsa mbali inayo. Ndinali nditamva kuti mawu ndiwo akufunika, ndiye ndinawathira ngati mchere wa m'ndiwo za anthu ambiri. Ndime yapakati inatuluka chonchi:

```
I have experience in bank reconciliation, petty cash, PAYE,
withholding tax and donor reporting. My bank reconciliation
skills and petty cash skills are excellent.
```

Ndinawatumizira pa WhatsApp. Anandiimbira n'kunena kuti, "Alamu, ndiwerengereni mokweza ndimve." Ndisanafike pakati ndinamva ndekha kuti mawuwo alibe mwini. Anali chilengezo chawo chomwe chija, ndangochibweza ndi dzina langa pansi. Iwo anati makalata otere amawalandira ambiri, ndipo akangoona chiganizo chimene analemba okha chikubwerera kwa iwo amasiya kukhulupirira zonse zotsatira. Anawonjezeranso kuti kwa wofufuza, mawu akapezeka kamodzi apezeka basi. Kuwabwereza kasanu sikukulowetsani kasanu, kumangotopetsa wowerenga.

Anandipatsa ntchito imene poyamba ndinaiona ngati yochedwetsa. Anati nditenge kope, ndilembe mawu 7 aja kumanzere, ndipo kumanja kwa lililonse ndilembe m'Chichewa chinthu chimodzi chimene ndinachitadi, chokhala ndi nambala, nthawi kapena zotsatira zake. Ndisaganize za Chingelezi kaye.

Pa `bank reconciliation` ndinakumbukira mwezi wina wa nyengo yogula feteleza. Buku lathu la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki zinasiyana ndi K1,850,000. Ndinakhala masiku awiri ndikulondola mzere ndi mzere, mpaka ndinapeza kuti ndalama zimene nthambi ina inaika ku banki zinalembedwa kawiri m'buku, kamodzi kuchokera pa kapepala ka ku banki ndipo kenanso kuchokera pa uthenga wa pa foni umene mkulu wa nthambiyo anatumiza. Kuyambira pamenepo ndinakhazikitsa kuti ndalama zoikidwa ku banki zizilembedwa pokhapokha kapepala kafika. Ndinakumbukiranso kuti maakawunti anali atatu a ku banki, komanso awiri a pa foni, a Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo onse ndinkamaliza kuwafananitsa ndi buku sabata yoyamba ya mwezi isanathe. Zonsezi m'kalata zanga zakale munalibe. Ndinkaziona ngati zinthu wamba za pa ntchito zosayenera kutchulidwa.

Nditazimasulira, ndime ija inakhala motere:

```
I prepare the monthly bank reconciliation for three bank accounts
and two mobile money wallets. In one peak season I traced a
K1,850,000 difference to a deposit posted twice, and changed
how our branches report deposits.
```

Mawu amene makina akufuna alimo, m'kalembedwe kake kenikeni, kamodzi kokha. Koma munthu akamawerenga sawaona ngati mawu oikidwa dala, chifukwa maso ake athamangira pa nkhani ya ndalama zosowazo. Iyi ndiyo njira yonse imene ndinaphunzira: liwu la m'chilengezo lizikhala dzina la ntchito, ndipo chiganizo chonsecho chizikhala umboni wakuti munaigwiradi.

Misonkho iwiri ija ndinaiika m'chiganizo chimodzi, chifukwa ndi mmene imayendera pa ntchito. Ndinalemba kuti ndimawerengera `PAYE` ndi `withholding tax` mwezi uliwonse n'kuzipereka ku MRA kudzera pa Msonkho Online tsiku la 14 lisanapitirire. Wowerengera ndalama aliyense m'Malawi muno akaona tsiku limenelo amadziwa kuti wolembayo anakhalapo pampando umenewo, pakuti ndilo tsiku limene limatisowetsa tulo. Za `petty cash` ndinangozitchula mwachidule, kuti ndinkasunga ya ku likulu ndi kuyang'anira ya nthambi ziwiri. Si liwu lililonse limene limafuna nkhani yaitali. Mukapatsa lililonse ndime yake, kalata imadutsa tsamba limodzi ndipo imakhala ngati lipoti. Ndinasankha nkhani imodzi yoti ndikhalitsepo, zinazo ndinangodutsapo.

Pali tinthu ting'onoting'ono ta kalembedwe timene tinanditengera nthawi kuti ndizolowere. Choyamba ndi mpangidwe wa liwu. Chingelezi chimasintha liwu limodzi kukhala `reconcile`, `reconciled` kapena `reconciliation`, ndipo pulogalamu ina imaziona ngati mawu atatu osiyana. Choncho kamodzi ndimalemba monga mmene zilili m'chilengezo, ndipo ngati ndikufuna kubwerezanso ndimagwiritsa ntchito mpangidwe wina kuti chiganizo chimveke mwachibadwa. Chachiwiri ndi mawu achidule. Wofufuza wina alemba `ICAM`, wina alemba dzina lonse la bungwelo. Mu CV ndimaika zonse ziwiri pa mzere umodzi, ndipo m'kalata ndimatsatira chimene chilengezo chagwiritsa ntchito. Chachitatu ndi kusiyana kwa Chingelezi cha ku Britain ndi cha ku America. Ife kusukulu tinaphunzira `programme` ndi `cheque`, koma bungwe lochokera ku America lilemba `program` ndi `check`. Ndimayang'ana chilengezo n'kutsatira kalembedwe kake m'kalata yonse, osasakaniza.

Dzina la udindo nalonso ndi liwu lofunika, ndipo malo ake ndi osavuta: pa mutu wa kalata ndi m'chiganizo choyamba, pamodzi ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo. Vuto langa linali lakuti kuntchito kwathu udindo wanga unkatchedwa `Accounts Clerk`. Ndinafunsa alamu ngati ndingausinthe mu CV kuti ufanane ndi wa m'chilengezo. Anakana. Anati akaimbira abwana anga kudzafunsa za ine, dzina limene angamve liyenera kukhala lomwe lili papepala. Dzina lenileni likhale pomwepo, ndipo mizere ya pansi pake ndiyo ionetse kuti ntchito zake n'zofanana.

Tsopano mawu awiri otsala aja, amene anandivutitsa mumtima. Sindinagwiritsepo ntchito `QuickBooks`, kwathu tinali ndi Sage. Ndiponso malipoti opita kwa opereka thandizo sindinalembepo, popeza kampani yogulitsa feteleza ilibe wopereka thandizo. M'kalata yothira mchere ija ndinali nditaikamo `donor reporting` ngati chinthu chimene ndimachidziwa, ndipo alamu anandifunsa funso limodzi lokha: "Akakufunsani pa intavyu kuti lipoti lomaliza munalembera ndani, muyankha chiyani?" Ndinalichotsa.

Komabe kusakhala ndi chinthu sikutanthauza kuti simungachitchule. Popeza mawu awiriwo anali m'gulu la zongowonjezera mwayi, ndinapeza njira yowanenera moona:

```
My daily work is in Sage; I have been practising QuickBooks
on sample company data and can post and reconcile in it.
```

Ndinalemba zimenezi nditatha masabata awiri ndikuphunziradi madzulo aliwonse, osati ndisanayambe. Pa malipoti aja ndinanena kuti ndimalemba lipoti la mwezi ndi mwezi loyerekeza bajeti ndi ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito, lopita kwa eni kampani, ndipo ndikufuna kugwiritsa ntchito luso limeneli pa `donor reporting`. Liwulo lalowa, wofufuza andipeza, ndipo wowerenga akudziwa bwinobwino pamene ndaima. Akaona kuti sizikukwanira, ndi ufulu wake. Koma chinthu chikakhala m'gulu la zofunika ndithu, monga digiri kapena zaka 5 m'bungwe lothandiza anthu, ndipo ine ndilibe, sindiwononganso bandulo yanga. Mafunso a pa fomu aja adzandigwira, ndipo kunama pamenepo kumatsala m'kaundula wa bungwelo pamodzi ndi dzina langa.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anandiuzapo za chinyengo chimene chimayenda m'magulu a WhatsApp a ofuna ntchito: kukopera chilengezo chonse, kuchimata pansi pa CV, n'kusintha zilembo kukhala zoyera kuti munthu asazione koma makina aziwerenge. Ndikupemphani, musachite. Pulogalamu ija ikachotsa mawu m'fayilo imataya mitundu yonse, ndipo wolemba ntchito akatsegula mawu osungidwawo amaona chilengezo chake chonse chili pansi pa dzina lanu. Alamu anati akapeza zotere sakwiya n'komwe, amangotseka fayiloyo. Kwa munthu wofuna kusungitsidwa ndalama za eni, kugwidwa ukubisa mawu pa tsamba loyamba ndi chinthu chosakonzeka.

Kalata ikatha, ndisanatumize, ndimaiyesa kawiri, kamodzi m'malo mwa makina ndipo kenako m'malo mwa munthu.

Kuyesa kwa makina n'kosavuta. Ndimasunga kalata ngati PDF kuchokera mu Word momwemo, osadzera ku pulinta, pokhapokha chilengezo chitanena kuti akufuna `.docx`. Ndimatsegula PDF ija, kudina `Ctrl+A` ndi `Ctrl+C`, n'kumata mu Notepad. Zimene zatuluka mmenemo n'zofanana ndi zimene pulogalamu idzasunge. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ndi CV yanga ndinadabwa. Inali yokongola, ya mizati iwiri yokhala ndi timabokosi, yomwe mnyamata wa pa kafe ina anandikonzera. Mu Notepad mizere ya kumanzere inalowerera ya kumanja, moti dzina la sukulu linagundana ndi dzina la abwana anga akale. Ndinaphunziranso kuti mapulogalamu ena sawerenga zimene zaikidwa m'kachigawo ka pamwamba penipeni pa tsamba, ka `Header`, ndipo ine nambala ya foni ndi imelo ndinaziika mmenemo. Ndinaikonzanso kukhala ya mzati umodzi, mitu yake yodziwika monga `Work Experience` ndi `Education`, popanda zithunzi. Ikuoneka yosadzikometsera, koma imawerengeka. Siginecha, ngati aifuna, ndimajambula yokhayo n'kuiika ngati kachithunzi pamwamba pa dzina lotaipidwa, mawu ena onse n'kukhala enieni. Pomaliza ndimafufuza mawu a m'kope aja limodzi ndi limodzi ndi `Ctrl+F`, mu CV ndi m'kalata momwe.

Ndinene pano kuti katundu wolemera wa mawuwa amasenza ndi CV komanso mabokosi a pa fomu, osati kalata. M'mapulogalamu ena kalata imangomatidwa pambali ngati fayilo yowonjezera, ndipo imatsegulidwa munthu akakhala kuti wakusankhani kale kuchokera pa CV. N'chifukwa chake mawu onse amene ndingawanene moona ndimaonetsetsa kuti ali mu CV, pamene mndandanda wa maluso suoneka wachilendo, ndipo pa fomu sindilemba kuti onani CV, ndimadzaza bokosi lililonse ngakhale zikutopetsa. Zimenezi zimapatsa kalata mpata wopuma. Sikufunikanso kunyamula liwu lililonse. Ikanyamula anayi kapena asanu olemera kwambiri, yakwanira.

Kuyesa kwa munthu ndi kuja alamu anandiphunzitsa pa foni. Ndimawerenga mokweza, ndili chiimire. Pamene mpweya wandithera, chiganizo chatalika. Pamene lilime lakodwa, nthawi zambiri pali liwu la m'chilengezo limene ndalikakamiza. Ndimayang'ananso ngati ziganizo zitatu zotsatizana zayamba ndi `I have`, chifukwa ndicho chizindikiro choyamba chakuti ndayambanso kutchula zinthu m'malo mofotokoza. Kenako ndimapatsa mchemwali wanga wamng'ono, amene ndi namwino ndipo za ndalama sazidziwa, kuti awerenge kamodzi n'kundiuza chimene wakumbukira. Akatchula nkhani ya ndalama zolembedwa kawiri ija, kalata ili bwino. Akati, "Ndangoona kuti mumadziwa zambiri," ndimabwerera kukalembanso.

Pali ndime imodzi imene sindiikamo liwu la m'chilengezo ngakhale limodzi, ndiyo yonena chifukwa chimene ndikufunira ntchito pa malo amenewo. Ku bungwe la zaulimi lija ndinalemba ziganizo ziwiri zokha, kuti kwa zaka 6 ndakhala ndikulandira ndalama za alimi ang'onoang'ono pa kauntala, ndipo ndikudziwa mmene thumba limodzi la feteleza limawalemerera. Palibe amene angafufuze mawu amenewo, koma ndi okhawo m'kalata yonse amene wofunsira wina sakanatha kulemba.

Mwina wina afunsa za ntchito zimene zimalengezedwa mu The Nation kapena The Daily Times, zoti mutumize ku Private Bag kapena pa imelo wamba. Kumeneko kulibe pulogalamu yosefa, koma njirayi ndimaitsatirabe. Komiti yosankha imakhala ndi pepala la mizere, mzere uliwonse ndi chofunika chimodzi cha m'chilengezo, ndipo amachonga kapena kupereka malikisi. Amene akuchonga sakhala nthawi zonse wodziwa za ndalama. Akafuna mawu amene ali pa pepala lake n'kupeza ena ofanana tanthauzo, akhoza kudumpha osachonga, ngati makina omwe aja.

Bungwe la zaulimi lija linandiitana patatha masabata atatu. Inali intavyu yanga yoyamba chiyambireni kufunafuna. Pa tebulo panali anthu atatu, ndipo bambo amene ankaoneka kuti ndi mkulu wa zachuma anali ndi kalata yanga m'manja, atadula mzere pa ndime yapakati. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Mayi, tiuzeni, ndalama zolembedwa kawirizi munazipeza bwanji?" Ndinayankha kwa mphindi zingapo osayang'ana pepala, pakuti zinali zanga. Anafunsanso za `QuickBooks`, ndipo ndinawauza ndendende pamene ndafika ndi pamene sindinafike.

Ntchito imeneyo sindinaipeze. Anatenga munthu amene anagwirapo kale m'bungwe lothandiza anthu, ndipo anandiuza choncho poyera pa foni. M'miyezi yotsatira ndinatumiza mafomu ochepa kuposa kale, chifukwa iliyonse tsopano inkanditengera madzulo awiri. Ena anangoti zii monga kale, ndipo ndinaitanidwa kawiri. Kachiwiriko ndi kumene ndikugwira ntchito lero, ndipo lipoti langa loyamba la opereka thandizo ndinalemba mwezi wachitatu, mkulu wanga atakhala pambali panga. Kope lija ndikadali nalo. Pa tsamba loyamba, kumanja kwa `donor reporting` kumene kunali kopanda kanthu, ndinalembapo tsiku limene lipotilo linavomerezedwa.